Tizilonda ta m'kamwa ndi zoyera pa lilime

"Achimwene apawailesi, ine ndili ndi zaka 34. Mwezi uliwonse ndimatuluka kachilonda kuseri kwa mlomo wam'munsi, koyera pakati, kofiira m'mbali. Kamapweteka moti ndimalephera kudya. Ndinayesa kuthirapo mchere koma ululu unangonyanya. Kodi ndi matenda anji, nanga ana anga angatengere?"

Pepani mayi, ululu umenewo ndimaudziwa. Kachilonda kake kamachepa ngati njere ya mpunga, koma kakakhudzana ndi dzino misozi imalengeza.

Choyamba mtima ukhale m'malo: tizilonda tamtundu umenewu sitipatsirana. Ana anu sangatengere ngakhale mumwere kapu imodzi. Timakonda kutuluka pofewa, monga mkati mwa masaya, kuseri kwa milomo ndi kunsi kwa lilime. Timapweteka kwambiri masiku atatu kapena anayi oyambirira, kenako timapola tokha pakati pa masiku 7 ndi 14, osasiya chipsera.

Chimene chandigwira mtima m'kalata yanu ndi mawu akuti mwezi uliwonse. Ena kachilonda kamawatuluka chifukwa anadziluma tsaya, kapena pali dzino lobenthuka limene likukhula pamalo amodzimodzi, kapenanso mswachi ndi wouma kwambiri. Nkhawa ndi kusagona mokwanira zimathandiziranso. Koma kwa amayi ena kamabwera nthawi ya kumwezi ikayandikira. Ndiye taonani masiku ake kwa miyezi iwiri. Ngati mumataya magazi ambiri, mumatopa msanga, m'zikope muli mbuu, n'kutheka kuti m'thupi mwachepa ayironi, foliki asidi kapena vitamini B12. Zimenezo amaziona poyeza magazi kuchipatala, ndipo akakupatsani chosowacho tizilondato timayamba kubwera patalipatali.

Za mchere wouma uja, chonde musadzabwerezenso. Umapsereza mnofu womwe ukufuna kupola. Ena amafika pokanikizapo asipirini, ameneyo ndiye amawotcha n'kusiya bala loposa loyamba. Mchere umathandiza ukasungunuka. Tengani theka la supuni yaing'ono, sungunulani m'kapu imodzi ya madzi ofunda omwe munawiritsa. Chukuchani m'kamwa kwa theka la mphindi n'kulavula, osameza. Muzitero katatu kapena kanayi pa tsiku, makamaka mukatha kudya. Masiku amenewo lekani kaye tsabola, zowawasa monga mandimu, ndi zouma zokanda m'kamwa. Chakudya chizikhala chofewa, chizizirale pang'ono. Madzi ozizira amaziziritsa ululu, ndipo ukafika posakugonetsani, imwani parasetamo potsatira mlingo wolembedwa pa paketi. Kutsuka mano musaleke, ingopezani mswachi wofewa muziyendetsa mwaulemu.

Kalata ina ndi ya bambo amene sanafune kutchulidwa dzina. Akuti: "Nditamaliza kumwa mankhwala a chifuwa, lilime langa layera ngati mkaka wowundana. Chakudya sichikundikomera. Ndizichukucha ndi mchere basi?"

Bambo, zanuzi n'zosiyana ndi za mayi aja. Chitani izi. Sambani m'manja, kulungani kansalu koyera konyowa pachala, mupukute pang'ono pamalo oyerawo, osachita kukhula. Zoyerazo zikachoka n'kusiya pofiira, mwina potuluka timagazi, kawirikawiri amakhala mafangasi otchedwa kandida. Mafangasiwa anthu ambiri ali nawo m'kamwa, kungoti mabakiteriya abwino amawapanikiza kuti asachulukane. Maantibayotiki akapha mabakiteriya aja, kandida amapeza danga. Ngati mankhwala munamwawo anali amtundu umenewo, gwero lake mwina ndi lomwelo.

Madzi amchere adzakuthandizani kuchepetsa kunyerenyetsa, koma sapha kandida. Pitani kuchipatala. Nthawi zambiri amapereka mankhwala amadzi otchedwa nistatini, ndipo pamene anthu amalakwitsa ndi pomeza msanga. Muziwasunga m'kamwa kanthawi, afike ponseponse, kenako muzimeza, ndipo mukatero musadye kapena kumwa kanthu kwa mphindi 30. Mumalize masiku onse amene akuuzani ngakhale lilime litaoneka bwino.

Ndikuuzeni ngati mbale wanu. Munthu wamkulu zoyerazi zikamabwerabwera, kapena zikatsikira kummero mpaka kumeza kumapweteka, thupi likunena kuti chitetezo chatsika. Pemphani akuyezeni shuga ndi HIV tsiku lomwelo. Sindikukuopsezani ayi, zonse ziwirizi zili ndi thandizo, ndipo kudziwa msanga ndiko kumapulumutsa.

Nanga mukapukuta koma choyeracho osachoka, chili gwa ngati chinamera pomwepo? Chimenecho si cha kunyumba, makamaka kwa osuta fodya ndi okonda mowa. Chimodzimodzinso chilonda chilichonse chimene chadutsa milungu itatu osapola, cholimba m'mbali, ngakhale chisakupweteka. Kusapwetekako kusakunamizeni, chifukwa khansa ya m'kamwa imatha kuyamba mwakachetechete choncho. Kaonetseni kwa dokotala wa mano kapena kuchipatala chilichonse sabata yomweyo.