Si kuchuluka kwa shuga kokha, koma kangati pa tsiku

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Nonse mwamva za mwana uja watupa tsaya sabata yatha mpaka kukamuchotsa dzino kuchipatala. Ena akuti m'dzinomo munalowa nyongolotsi, ena akuti ndi za anthu. Ine ndimaona mano tsiku ndi tsiku, ndipo ndikukuuzani kuti mulibe nyongolotsi.

Tapalani dzino ndi chikhadabo m'mawa musanatsuke m'kamwa. Muona zoyerayera zomata. Mmenemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo chakudya chake ndi shuga. Tikadya shugayo timatulutsa asidi, ndipo pakangopita mphindi zochepa asidiyo amayamba kusungunula chikuto cholimba cha dzino. Mwayi wake ngwakuti tili ndi malovu. Malovu amatsuka asidi uja, n'kubwezeretsa m'dzino mchere umene unasungunuka. Koma ntchitoyi siichitika pompopompo ayi, imatenga theka la ola, mwina kufika ola lathunthu.

Ndiye tiyeni tiwerenge limodzi. Mwana wagula masiwiti asanu pageti ya sukulu. Akadya onse nthawi imodzi atamaliza nsima, asidi abwera kamodzi, malovu n'kukonza. Koma akamadya imodzi 8 koloko, ina 9 koloko, ina pa buleki, ina akuweruka, ina panjira, asidi abwera kasanu. Shuga ndi yemweyo, ndalama ndi yomweyo, koma dzino lakhala m'asidi m'mawa wonse. Zili ngati chipupa cha dothi: mvula yamphamvu ikagwa kamodzi dzuwa n'kuwala, chimauma. Chimene chimachigwetsa ndi mvumbi. N'chifukwa chake ndikuti musamangofunsa kuti wadya wochuluka bwanji, muzifunsa kuti wadya kangati.

Ndipo inu amayi, ndikudandaulireni. Mwana akangolira mu minibasi, siwiti. Kutchalitchi kuti akhale chete, bisiketi. Dzana ndinaona kamwana kali kumbuyo kakuyamwa sobo m'botolo mpaka kugona nalo kukamwa. Usiku malovu amachepa kwambiri, ndiye mano akutsogolo aja amagona m'shuga mpaka kucha. Ndi ana amenewa amene mumawaona mano atada n'kumanyenyeka.

[Bambo wina: Pepani adokotala, nanga ine ndimathira masupuni atatu mu tiyi chikhalire, bwanji mano anga ali bwinobwino?]

Mwafunsa bwino bambo. Tiyiyo mumamwa kangati? Kamodzi m'mawa? Ndipo mumagugudiza n'kunyamuka kupita kumunda, eti? Ndiye kuti asidi amabwera kamodzi, malovu n'kupeza tsiku lonse lokonza. Yerekezani ndi mlonda amene amathira tiyi yemweyo m'fulasiki n'kumapsontha pang'onopang'ono usiku wonse. Ameneyo ndiye amabwera kwa ife atagwira tsaya.

Zimenezi zinaoneka bwino ku Sweden, pa chipatala cha Vipeholm, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1950. Odwala ena ankapatsidwa shuga pa nthawi ya chakudya basi, ndipo mano awo sanaonongeke kwenikweni. Ena ankapatsidwa masiwiti omata m'mano pakati pa chakudya china ndi china, mpaka 24 pa tsiku, ndipo mano awo anabooka koopsa. Zinali zankhanza, chifukwa anali anthu olumala m'maganizo osatha kukana, ndipo lero sizingaloledwe. Koma phunziro lake ndi lomwelo: kangati.

Komabe bambo, sindikuti masupuni atatuwo ndi abwino. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati munthu wamkulu asapitirire masupuni ang'onoang'ono pafupifupi 12 pa tsiku, kuphatikizapo shuga wa m'zakumwa ndi m'mabisiketi, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Chinanso, dzino likamayamba kuwola silipweteka. Chizindikiro choyamba ndi kabanga koyera ngati choko m'mphepete mwa nkhama. Pamenepo likhoza kuchira. Likabooka silidzitsekanso lokha, ndipo mukamamva kuwawa ndi madzi ozizira ndiye kuti bowo lafika mkati.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, ndithamange. Zotsekemera zizidyedwa pamodzi ndi chakudya. Pakati pa chakudya china ndi china, madzi. Njala ikavuta, mtedza. Mwana asagone ndi botolo la sobo kapena tiyi. Tsukani mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fuloraidi, mchere wolimbitsa mano, makamaka pogona, ndipo mukatsuka lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi. Mwana wosafika zaka 3 mungopaka pang'ono ngati kambewu ka mpunga, wokulirapo ngati nsawawa, ndipo muzimutsuka ndinu mpaka afike zaka 7. Dzino lalikulu lakumbuyo lomera pa zaka 6 si la mkaka, silidzameranso lina, ndiye muziliyang'ana. Amene mwabwera ndi ana, aimikeni pamzere pansi pa mtengo apo ndiwaone m'kamwa.