Kiriyetini ndi bulufeni pamodzi: impso zimavutika ndi chiyani kwenikweni?

Anthu anga a ku jimu muli bwa? Amene munamenya ma sikwati dzulo ndipo lero masitepe mukutsika chammbali ngati nkhanu, musathawe, vidiyoyi ndi yanu.

Choyamba, mwachangu. Kiriyetini ndi ufa woyera uja timasungunula m'madzi, magalamu 3 mpaka 5 patsiku, umathandiza minofu pa zinthu zolemera za kanthawi kochepa. Bulufeni ndiye aibupulofeni, m'bale wake wa dayikolofenaki ndi indosidi. Panado ndi wa banja lina. Basi tapita.

Chachiwiri, ndipo apa ndikhalitsa chifukwa zimanditopetsa. "Kiriyetini amaononga impso." Aliyense ali ndi amalume amene anamva zimenezi penapake. Tamverani. Kiriyetini akagwira ntchito mu minofu amasanduka chinyalala chotchedwa kiriyatinini, mayinawa akufanana ndikudziwa, amene anawatcha sanatiganizire. Chinyalalachi chimatuluka ndi mkodzo, ndiye achipatala amachiyeza m'magazi kuti aone ngati impso zikusefa bwino, nkuwerengera nambala ija pa pepala la zotsatira amalemba eGFR. Tsono inu mukudya kiriyetini tsiku ndi tsiku, kuonjezera minofu yambiri ndi nyama yootcha, chinyalalacho chitha kukwerako ndithu. Zili ngati mwapeza zinyalala zambiri pa dzala nkumati wosesa wadwala, pomwe kunyumbako kunali ukwati. Mantha ambiri anayamba mu 1998 pomwe magazini ya madokotala ya The Lancet inalemba za mnyamata mmodzi wa zaka 25 amene impso zake zinasokonekera akumwa kiriyetini. Mmodzi! Ndipo anali ndi matenda a impso kalekale, akumwanso mankhwala ena amphamvu. Kafukufuku amene wachitika kuchokera pamenepo pa anthu a impso zabwino, pa mulingo woyenera, sanapeze kuti zikuonongeka. Tumizirani amalume aja vidiyoyi, ndipo inu dinani laiki ndi sabusikiraibu, sizidya bando yambiri.

Chachitatu, wovuta weniweni ndi bulufeni. Thupi likauma, kaya ndi thukuta kaya kutsegula m'mimba, impso zimadalira timankhwala tathupi totchedwa mapulositagilandini kuti mtsempha wolowetsa magazi mu sefa ukhale wotseguka. Bulufeni amaletsa ululu potseka timankhwala tomweto. Ndiye mpopi wa ku impso nawo umatsinidwa, nthawi yomwe madzi achepa kale.

Tiyerekeze mnyamata wa makilo 80, mwezi wa Okutobala, jimu ya malata yotentha ngati uvuni. Wangoyamba kiriyetini ndi njira yothamangitsa ija, magalamu 20 patsiku kwa masiku 5 mpaka 7, ndipo mulingo waukulu chotere ena umawatsegula m'mimba, iyenso wamutsegula. Bondo likuwawa, wamwa bulufeni wa mamiligalamu 400 asanayambe ma seti, wina masana, wina madzulo, yakwana 1200 yomwe ndi malire a tsiku ngati sanakulembereni dokotala, usiku mnzake wamuponyeranso dayikolofenaki poganiza kuti ndi zosiyana. Madzi wamwa kabotolo kamodzi. Kiriyetini sanalume impso apa, anangothandizira kuumitsa thupi, amene watsina mpopi ndi mapilisi aja. Koma akapita kukayezetsa, kiriyatinini wakwera, ndipo apa pali msampha: iyeyo ati "aaa ndi ufa uja basi, ndinaonera pa vidiyo" nkupitiriza kumwa bulufeni. Ayi bwana, musandinamizire. Ufawu umasokoneza nambala yomwe ikanakuchenjezani, nchifukwa chake muziuza dokotala zonse zomwe mukumwa, atha kukuuzani musiye kaye kwa milungu ingapo nkuyezanso, kapena kuyeza sisitatini C, chizindikiro china cha impso m'magazi chomwe sichisintha ndi kiriyetini, komwe amayeza.

Chachinayi, ngati mumamwa a BP monga enalapirilo pamodzi ndi okodzetsa aja, kuonjezera bulufeni pamwamba ndi katatu koopsa kwa impso. Chimodzimodzi a shuga, a matenda a impso, ndi amene muli pa ma ARV okhala ndi tenofovira. Funsani kaye kuchipatala, ufa ndi bulufeni yemwe, koma mankhwala anuwo osasiya panokha.

Chachisanu, panado sagwira mpopi uja ngati bulufeni, koma osapyola magalamu 4 patsiku, iyeyo amakantha chiwindi makamaka ndi mowa.

Mukaona mkodzo wachepa kwambiri, mapazi kapena nkhope zatupa, nseru yosatha, siyani kiriyetini ndi bulufeni mupite kuchipatala lomwelo. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka mutachita jimu yoopsa, minofu ikuwawa modabwitsa, imeneyo itha kukhala minofu yosweka ikutsekereza impso, bulufeni pamenepo ndi kuthira petulo pamoto. Sabata yamawa tikamba za kiriyetini ndi khofi, dinani kabelu kaja.