Kuwerenga lebulo musanapikule katundu ku Limbe

Achimwene mwaswera bwanji, ndati ndikuyankheni pa voisi zija munafunsa za katundu wa muokala yanu. Mukapita kokapikula ku Limbe musamangoona mtengo ayi, tembenuzani paketiyo muone kumbuyo, chifukwa chilankhulo chimene alembapo chimakuuzani anthu amene anawalongedzera, osati kumene anapangira, bisiketi itha kupangidwa ku India koma yolembedwa Chiarabu poti imapita ku Dubai.

Choyamba onani zilembo. Zikakhala zolumikizana ngati chingwe, timadontho pamwamba ndi pansi, zoyambira kumanja kupita kumanzere, chimenecho nʼChiarabu. Zolendewera pa mzere wa pamwamba ndi Chihindi cha ku India. Za ku Koreya zimakhala ndi timizere towongoka ndi tozungulira tambiri, pomwe za ku China zimakhala zothithikana chilembo chilichonse. Japani naye amagwiritsa za ku Chinazo koma amasakaniza ndi tina topepuka tokhotakhota, mukaona aka の mudziwe kuti nthawi zambiri ndi Japani.

Pa za ku China samalani, nthawi zambiri deti imene amadinda ndi tsiku lopangira osati lothera, ndipo amayamba ndi chaka. Ndiye 2025/03/10 ndi 10 Malichi 2025, kenako penapake amalemba miyezi imene chikhalitse, kaya 12, muwerengere nokha. Enatu amataya katundu wabwinobwino kuganiza kuti waekisipaya.

Koma zina zimene mukumane nazo ndi za Chipwitikizi, si pafupi pomwepa ku Mozambiki, zimalowera ku Mwanza ndi ku Muloza. Zilembo zake ndi zathu zomwezi kungoti pali a wovala kachipewa kokhota, ã, ndi c wa kamchira, ç. Tiyerekeze mwanyamula botolo la mafuta ophikira. Pezani mawu oti Validade, deti ili pamenepoyo ndiye yothera. Fabricado em akunena kumene anapangira, koma inu funani Importado por kapena Distribuído por, amene anaitanitsa kapena kugawa, adiresi yake ikakhala Maputo, Beira kapena Nampula ndiye analongedzera msika wa ku Mozambiki. Chipwitikizitu amalankhulanso ku Angola, ku Potugalo ndi ku Brazilu, ndiye chilankhulo pachokha sichikwanira, ya ku Brazilu mupezapo Indústria Brasileira ndi nambala ya CNPJ. Mukaona n wa kachipewa, ñ, chimenecho nʼChisipanishi, musasokoneze.

Ya ku Tanzania siivuta, Chiswahili mumachimvako pangʼono, komanso pamakhala chidindo cha TBS monga kuno timaonera cha MBS.

Za bakhodi anthu amakokomeza, yoyamba ndi 600 kapena 601 ndi Joni inde, 890 ndi India, koma imangonena kumene kampani inalembetsa nambalayo. Ina ikakuvutani jambulani kumbuyo kwake konse, adiresi izioneka bwinobwino, munditumizire pa WhatsApp musanalipire.