Khofi wa pa Siwa ndi pa Ukwati: Zimene Zinayankhulidwa pa Msonkhano wa Amayi

Zikomo amayi apampando, zikomo amayi nonse. Amene muli pakhomopo lowani, malo alipo pamphasapa.

Nonse mwamva zimene zinachitika pa maliro aja a kutsidya kwa dambo. Anthu anagona pa siwa, kutacha ena akusanza, ena atsegula m'mimba, mpaka agogo ena anawatengera kuchipatala. Mphekesera zinayamba pomwepo, akuti wina anathira mankhwala mumphika. Amayi anzanga, ine ndinali kumafuwa usiku umenewo ndipo ndinaona ndi maso angawa. Khofi anaphikidwa dzuwa likulowa, mkaka n'kuthiriratu musefuliya momwemo. Moto utazilala, sefuliya ija inakhala pambali ili yofunda, yosavundikira, aliyense akumiza kapu yake yomwe wamwera. Mbandakucha anangosonkhezera moto n'kugawiranso anthu. Palibe anathira kanthu. Tinalakwitsa ndife ophika, ndipo zimandipweteka mtima kuti anamfedwa, pamwamba pa chisoni, anayamba kulozedwa zala.

Ndiye mawu oyamba ndi awa: mkaka usalowe mumphika wa khofi. Ndibwerezanso kangapo lero, musatope nane.

Tiyambe ndi muyezo, chifukwa ambiri timathira mwa diso. Kunyumba diso limakwana, koma pa sefuliya ya malita 20 limanama. Khofi wogaya, ngati uyu wa ku Mzuzu amene ndanyamulayu, amafuna magalamu pafupifupi 60 pa lita imodzi ya madzi. Sikelo tilibe, ndikudziwa. Ndiye gwirani ichi: paketi imodzi ya magalamu 250, madzi malita anayi. Mphika ukule bwanji, muyezo ndi womwewo. Pali ena amati madzi akachuluka khofi amadzikokera yekha mphamvu, ndiye amathira mapaketi awiri m'malita 20, kenako n'kuwiritsa theka la ola kuti ade. Kuda amada, koma amatuluka wowawa ngati mankhwala a malungo, fungo lake litapita ndi nthunzi. Kenako timathira shuga wambiri kubisa kuwawako, ndalama yomwe timati tapulumutsa n'kuthera ku shuga.

Titenge ukwati umene ukubwera mwezi wamawawu, anthu 150. Kapu zathu za kumpingo zija, tikasiya malo a mkaka, zimalowa mamililita 200, kutanthauza kapu zisanu pa lita. Anthu 150 ndiye malita 30 a khofi wakumwa. Koma pali chimene ambiri amaiwala: ufa wa khofi umamwa madzi, pafupifupi kawiri kulemera kwake, ndipo madzi amenewo sabwerera. Mukateleka malita 12 n'kuthira mapaketi atatu, mudzatunga malita khumi ndi theka basi, kapu ngati 52. Choncho kwa anthu 150 mufunika kuphika katatu, malita 12 ulendo uliwonse, mapaketi onse pamodzi asanu ndi anayi.

Wina anena kuti bwanji osangophika zonse kamodzi mumgolo. Ayi. Alendo samwa onse nthawi imodzi, makamaka pa siwa. Ena amafuna cha m'ma 9 koloko, akwaya amafuna pakati pa usiku mawu akayamba kusasa, adzukulu amafuna mbandakucha asanapite kumanda. Khofi akakhala nthawi yaitali amasintha, amayamba kuwawasa. Madzi okha ndiwo akhale pamoto usiku wonse, khofiyo muzipanga gulu likafika. Ndipo ulendo uliwonse, mkaka pambali.

Kaphikidwe kake sikovuta. Sokani thumba la nsalu yoyera, lalikulu, loti ufa uzisambira momasuka, osati kumanga mfundo yolimba ngati mpira, chifukwa pakati pake madzi safika. Thumbalo muliwiritse kaye m'madzi okha. Pa ukwati wa mwana wa mchemwali wanga tinasefera nsalu yochapidwa ndi sopo wonunkhira uja, sefuliya yonse inamveka sopo, tinataya. Ndiponso sefuliya ya ndiwo ayi, amayi, mafuta ndi anyezi sizichoka msanga. Madzi akawira, phulani, dikirani mphindi ziwiri kuti asiye kubwata. Khofi amafuna madzi a madigiri 92 mpaka 96, otsikirako pang'ono pa owira. Mizani thumba, livinitseni ndi chipande kuti ufa wonse unyowe, vundikirani, muwerenge mphindi zisanu pa foni. Zikakwana tulutsani thumba, lidonthe lokha, musalifinye. Mukalawa n'kumva kuti ndi wamadzimadzi, ufa unachepa kapena thumba linathina. Mukamva kuwawa koumitsa lilime, thumba linakhalitsa kapena ufa unali wosalala kwambiri. Pogula funsani wogayidwa mokhakhala, wokhala ngati shuga wabulauni.

(Mayi wina: Pepani amayi, nanga si tikawiritsanso tizilombo timafa? Ife kwathu mkaka timawiritsa kawiri, sitinadwalepo.)

Funso labwino, mayi, ndipo mwafunsira ambiri. Inde, kuwiritsa kumapha tizilombo tambiri. Koma tilipo tina, timene timakhala pakhungu, m'mphuno ndi pa zilonda za m'manja mwathu, tikalowa mu mkaka wofunda timaswana n'kusiya poizoni. Tizilomboto timafa pamoto, poizoniyo safa, angakhale muwiritse mpaka kusefukira. Chizindikiro chake munthu amayamba kusanza patangopita maola ochepa, monga zinachitikira kutsidya kuja. Ndipo fungo silisintha, simungadziwe ndi mphuno. Kwanu simudwala chifukwa kampoto kanu n'kakang'ono, mumavundikira, manja ogwira ndi anu okha. Pa siwa pamadutsa manja makumi angati? Tizilombo timakonda chinthu chofunda, chimene chatsika pansi pa madigiri 60. Chinthu cha mkaka chikakhala chofunda choncho kupitirira maola awiri, tayani, musachite chisoni. Ndikudziwa mkaka ndi wodula ndipo ndalama yake ndi ya chipepeso. Ndiye chifukwa chake ndimati gulani wa ufa, mtini, munthu mmodzi wosamba m'manja azithira ndi supuni youma m'kapu ya aliyense. Wotsala umabwerera kwa anamfedwa uli bwinobwino. Ngati wina wabweretsa wa ng'ombe, uwiritseni pawokha, pang'onopang'ono, muuike mufulasiki yakeyake. Mwamva mayi? Mumphika wa khofi ayi.

Ndikuona ena mwayamba kumanga ana kumbuyo, ndithamange. Kusunga kutentha: khofi asabwerere pamafuwa, pansi pa sefuliya amapserera n'kumveka utsi. Bwerekanani mafulasiki aakulu aja, lembani maina pansi pake kuti asasowe. Muyambe mwathiramo madzi owira mphindi zisanu, khuthulani, kenako thirani khofi mpaka kukhosi, chifukwa fulasiki yatheka imazizira msanga. Tsegulani imodzi, ithe, kenako ina. Ngati mafulasiki achepa, vundikirani sefuliya, ikulungeni m'mabulangete awiri, muikhazike mudengu loyalamo nsanza kapena udzu wouma, osati pasimenti, ndipo ikhale kutali ndi ana. Potunga, chipande chimodzi chokha, kapu yomwera isamizidwe. Khofi wabwino mumugawe asanathe maola awiri. Mukavundukula osaona nthunzi yamphamvu, ameneyo wapita, pangani wina. Ufa wogwira kale ntchito musaubwereze, mulibe kanthu, katayeni kudimba. Amene mugula khofi wosungunuka uja, supuni yaing'ono imodzi pa kapu, madzi otentha okha mufulasiki, mkaka pambali.

Amayi asungichuma, lembani mapaketi asanu ndi anayi ndi nsalu mita imodzi. Amene muli ndi mafulasiki tsalani pang'ono tiwerengane.