Kalata yofunsira ukalaliki wa kosungira katundu ikakhala yosayankhidwa

"Okondedwa aulutsi, ndinamaliza dipuloma ya lojisitikisi chaka chatha, ndipo ndalemba makalata 7 ofunsira ntchito ya ukalaliki kosungira katundu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene wandiitana ku mafunso. Ntchito sindinagwirepo, kupatula miyezi itatu ya atachimenti pa kampani ina ya zomangamanga. Ndatumiza kalata yomwe ndimagwiritsa ntchito pamodzi ndi sivi yanga kuti muone. Kodi ndikulakwitsa pati? Ndine mtsikana, womvera wanu wa nthawi zonse."

Zikomo achemwali. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo zilembo zolakwika sindinapezemo, ulemu ulimo wokwanira, koma ili ndi vuto limodzi lalikulu: mutachotsa mzere wa pamwamba wotchula ntchito, kalata yomweyo ikhoza kufunsira ulembi, uphunzitsi kapena ntchito yolandira alendo popanda kusintha mawu ena. Mwalemba kuti ndinu wolimbikira, wokhulupirika ndiponso wofunitsitsa kuphunzira, zomwe wofunsira ntchito aliyense amalemba, kenako mwandandalika maphunziro onse a dipuloma yanu, kuyambira kayendetsedwe ka magalimoto mpaka malamulo a kasitomu. Munthu amene akufuna kalaliki wa kosungira katundu ali ndi nkhawa imodzi yokha, yakuti chiwerengero cholembedwa papepala chizigwirizana ndi katundu amene ali pashelefu, ndipo kalata yanu sinakhudze nkhawa imeneyi paliponse.

Chodabwitsa n'chakuti yankho lili m'sivi yanu, pamzere womwe mwaubisa kumunsi kwenikweni, wakuti pa atachimenti "ndinkathandiza kulandira katundu ndi kuwerenga sitoko." Mzere umenewo ndiwo uyenera kukula n'kukhala ndime yapakati ya kalata yanu. Khalani pansi mukumbukire zimene manja anu ankachita galimoto ikafika. Ngati munkawerenga katundu wotsitsidwa ndi kumufananiza ndi delivale noti, chikalata chija chimabwera ndi katunduyo kuchokera kwa wogulitsa, komanso oda yomwe kampani inatumiza, lembani zimenezo. Ngati munkalemba chikalata chotsimikiza katundu wolandiridwa, chija anthu a ntchitoyi amangochitchula kuti jiaraeni, chitchuleni. Ngati munkakana kutulutsa ngakhale msomali popanda chikalata chosainidwa chopempha katundu, chomwe amachitcha rikwizishoni, ndipo munkalemba zolowa ndi zotuluka tsiku lomwelo pa bini khadi, khadi yosonyeza kuchuluka kwa katundu amene watsala, nenani momveka bwino. Wowerenga akaona mayina a mapepala amenewa mu ndondomeko yake yoyenera, amadziwa kuti wolembayo anaimapo pakhomo la nyumba yosungira katundu, sanangowerenga m'buku.

Koma mayina a mapepala paokha sakwanira, pafunika nkhani imodzi yokhala ndi manambala. Tiyerekeze kuti tsiku lowerenga sitoko khadi ya simenti inkasonyeza matumba 240, inu mutawerenga munapeza 228. Kalaliki wosadziwa ntchito amafufuta 240 n'kulemba 228, zomwe ndi kulakwa kwakukulu chifukwa wabisa kusiyana kosafotokozedwa. Wodziwa ntchito amayamba wawerenganso, kenako amabwerera pa tsiku lomaliza limene khadi ndi shelefu zinagwirizana, n'kumatsata jiaraeni ndi rikwizishoni iliyonse kuchokera pamenepo. Kawirikawiri amapeza kuti pali pepala lomwe silinalowetsedwe, kapena nambala inalembedwa mozondoka, kapena katundu wowonongeka anaikidwa pambali popanda kulemba. Pa chitsanzo chathu, tinene kuti inali rikwizishoni ya matumba 12 yomwe inatsalira m'thumba la kapitawo. M'kalata nkhani yonseyi imakwana m'ziganizo ziwiri:

"Pa kuwerenga sitoko kwa kumapeto kwa mwezi ndinapeza kusiyana kwa matumba 12 a simenti pakati pa bini khadi ndi katundu amene analipo. Nditatsata mapepala a mwezi umenewo ndinapeza rikwizishoni yomwe sinalowetsedwe, ndinadziwitsa woyang'anira, ndipo khadi inakonzedwa iye atasaina."

Onani kuti mawu akuti wokhulupirika mulibemo, koma kukhulupirikako kukuoneka pamene mwadziwitsa wamkulu wanu m'malo mokonza nokha mwakachetechete. Chitsanzochi ndi changa, inu musachikopere. Lembani chimene chinakuchitikirani inuyo, ngakhale chikhale chaching'ono monga kusanja simenti kuti yofika poyamba izituluka poyamba isanaume, pakuti ku mafunso adzakufunsani za nkhani yomweyo, ndipo yopeka imagwa pa funso lachiwiri. Samalaninso kuti musaulule mitengo kapena zinsinsi za kampani yomwe inakulandirani, chifukwa wolemba ntchito akaona zimenezo amadziwa kuti mawa mudzaulula zake.

Za dipuloma yanu, ndikuona kuti mukuigwiritsa ntchito molakwika pang'ono. Pamene mwalemba kuti cholinga chanu n'kudzakhala mkulu woyang'anira kagulidwe ndi kayendedwe ka katundu, wowerenga amamva kuti munthu uyu adzachoka akangopeza pena, ndipo amayamba kuganiza za wofunsira wina wa maphunziro ocheperapo amene adzakhazikike. Chotsani chiganizo chimenecho. M'malo mwake sankhani chinthu chimodzi cha m'dipuloma chomwe kalaliki amachigwiritsa ntchito sabata iliyonse, monga kudziwa nthawi yoitanitsira katundu wina. Ngati malo akugwiritsa ntchito matumba 40 pa sabata, wogulitsa amatenga masabata awiri kuti abweretse, ndipo pamasungidwa matumba 20 a padera odikirira zadzidzidzi, ndiye kuti oda iyenera kutuluka sitoko ikatsika kufika pa matumba 100. Munthu amene angathe kuwerengera zimenezi ndi kuchenjeza a kogula katundu nthawi ikadalipo ndi wofunika kuposa amene amangodziwa kuti shelefu yatha. Pa za kompyuta, musangoti mumaidziwa. Nenani kuti mumatha kusunga ndandanda wa sitoko mu Excel, ndipo pulogalamu ina yosungira sitoko muitchule pokhapokha ngati munaigwiritsadi ntchito.

Zotsalazo ndi zachidule. Kalata ikhale ya tsamba limodzi, m'chilankhulo chimene chidziwitso cha ntchitoyo chalembedwa. Pamutu pake lembani dzina la ntchito monga momwe iwo alilembera, ndi nambala yake ngati ilipo. Ndime yoyamba inene ntchito imene mukufuna, kumene munaiona ndi dipuloma yanu, basi. Ndime yomaliza itchule zimene mwaphatikiza ndi tsiku limene mungayambe ntchito. Mawu odandaula aja, akuti akumvereni chisoni chifukwa kunyumba kuli mavuto, achotseni ndithu. Ndikudziwa kuti ndi oona, koma amene akupereka makiyi a katundu wa ndalama zambiri akamva za mavuto a zachuma, maganizo ake amapita kwina kumene inu simukufuna.

Pomaliza, ndaona kuti m'sivi mwalemba kuti atachimenti yanu inali ya miyezi itatu, pamene m'kalata mwalemba inayi. Pa ntchito zina zimenezi akhoza kuzinyalanyaza, koma osati pa ntchito imene moyo wake ndi kufananiza mapepala awiri. Konzani pamenepo musanatumize kalata yachisanu ndi chitatu, ndipo mupemphe amene ankakuyang'anirani pa atachimenti kuti avomere kukhala mboni yanu, chifukwa iye ndiye angatsimikize nkhani imene mudzalembe m'ndime yapakati ija.