Pepala mwalemba, nanga mulitumiza kuti?

Zikomo a wapampando. Amayi ndi abambo, anamwino, azamba ndi madokotala athu, ndakuonani. Ine ntchito yanga ndi ya mulaibulale, jekeseni sindidziwa kubaya, koma mapepala a kafukufuku amene abwezedwa ndawaona ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo sanali oipa ayi. Anangogogoda pakhomo lolakwika.

Choyamba mudziwe lamulo limodzi limene likuchititsa kuti nkhaniyi ikhale yolemera. Pepala limodzi simuloledwa kulitumiza ku magazini awiri a kafukufuku nthawi imodzi. Mumatumiza kumodzi, n'kudikira yankho, ndipo kudikirako kumatha kutenga miyezi ingapo. Mukalakwitsa kusankha kawiri kapena katatu, chaka chatha pepala likadali m'manja.

Tiyeni tiyerekeze kuti mzamba wina pakati pathu pano wacheza ndi amayi oyembekezera 30 m'zipatala zing'onozing'ono za boma lino, kufuna kudziwa chifukwa chimene amayambira sikelo mochedwa. Wapeza kuti ena amabisa mimba ikadali yaing'ono, ena amadikira kuti abambo awaperekeze, ena mtunda ndiwo umawagwetsa ulesi. Walemba bwinobwino. Funso loyamba limene ine ndimamufunsa ndi lakuti: kodi mukufuna kuti ndani awerenge zimenezi? Ambiri amayankha kuti aliyense. Ayi, aliyense kulibe. Ngati mukufuna kuti a ku unduna wa zaumoyo ndi aphunzitsi a uzamba m'dziko muno azione, Malawi Medical Journal ndi khomo loyenera kuliganizira. Ngati mukufuna ofufuza za uchembere a ku Kenya, ku Nepal ndi kwina, pali BMC Pregnancy and Childbirth. Ngati mukulankhula ndi azamba anzanu padziko lonse, pali ina yotchedwa Midwifery. Atatu amenewa tiwasunge. The Lancet tiisiye kaye, chonde. Ndi yotchuka, koma imafuna zopeza zimene zingasinthe kachitidwe ka chipatala m'maiko ambiri, ndipo kafukufuku wa boma limodzi mkonzi amangomubweza osamutumiza n'komwe kwa ounika.

Mainawa sindinawalote. Njira yapafupi yowapezera ndi kuyang'ana kumapeto kwa pepala lanu lomwe, pamene mwandandalika zolemba za ena zimene mwagwiritsa ntchito. Magazini imene ikubwerabwera pamenepo katatu kapena kanayi, kumeneko n'kumene anthu akukambirana nkhani yanu.

Mukapeza dzina, pitani patsamba la magaziniyo pa intaneti, mufufuze pamene alemba kuti Aims and Scope. Pamenepo amanena nkhani zimene amalandira ndi zimene salandira. Koma musakhutire ndi mawu amenewo okha, chifukwa amalembedwa motambalala. Onani zimene asindikizadi zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi. Mzamba wathu uja kafukufuku wake ndi wocheza ndi anthu, alibe ziwerengero zambiri, ndipo alipo magazini a zachipatala amene mtundu umenewu saufuna ngakhale mutu wake ukhale wawo. Mu PubMed, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo mapepala a zachipatala, mukhoza kulemba chonchi:

```
"BMC Pregnancy Childbirth"[Journal] AND antenatal AND qualitative
```

Mukaona mapepala ambiri ofanana ndi lanu, a chaka chino ndi chatha, ndiye kuti khomo ndi lotsegula. Mukachita chimodzimodzi ndi magazini ina n'kupeza limodzi lokha la zaka khumi zapitazo, musadzivutitse. Muonenso malire a mawu. Pepala la mawu 6,000, lodzaza ndi zimene amayi aja analankhula, mukalipanikiza kuti likwane pamene akufuna mawu 3,000, mumataya zomwe zija zinali zokoma.

Tsopano tifike pa nkhani imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, ya kaundula. Pali mabungwe amene amasunga mndandanda wa magazini amene awaunika n'kuwavomereza. Ku zachipatala waukulu ndi MEDLINE, wa laibulale ya zamankhwala ya boma la Amereka. Palinso Scopus wa kampani ya Elsevier, Web of Science wa kampani ya Clarivate, ndi DOAJ, umene unayamba mu 2003 ku yunivesite ya Lund ku Sweden ndipo umalemba magazini owerengedwa mwaulere okhaokha. Pepala likatuluka m'magazini yosapezeka m'makaundula amenewa, wofufuza wa kwina akamasaka nkhani ya sikelo mwayi woti alione ndi wochepa. Komanso mayunivesite ambiri, pokweza munthu pantchito kapena pomulola kumaliza digiri yapamwamba, amafunsa kuti magaziniyo ili m'kaundula uti. Choncho funsani kusukulu kwanu kapena kuntchito kwanu kuti amawerengera kaundula uti musanatumize.

Apa mumvetsere. Zimene magazini ikunena za iyo yokha si umboni. Aliyense akhoza kumata chizindikiro cha Scopus patsamba lake, monga momwe wogulitsa mankhwala pamsika amanenera kuti ake ndi ochokera kuchipatala. Inu pitani kwa mwini kaundula. Tengani nambala ya magaziniyo yotchedwa ISSN, ya manambala 8, muilembe pa doaj.org kapena pa scopus.com/sources, zonsezi n'zaulere. Mugwiritse ntchito nambalayo osati dzina, chifukwa akuba amatenga dzina la magazini yodziwika n'kusinthapo liwu limodzi. Pa Scopus muonenso zaka, poti ena anali m'kaundula kale koma anachotsedwa, ndipo iwo sanena.

Eya, achemwali kumbuyoko, mwakweza mkono.

Akuti iwo anaona pepala la magazini ina mu PubMed, ndiye kodi si umboni wokwanira umenewo? Funso labwino, ndipo ambiri amagwa pomwepo. Si wokwanira. PubMed ndi yotakata kuposa MEDLINE. Wofufuza amene analandira ndalama ku mabungwe ena, monga la NIH la ku Amereka, amayenera kuika pepala lake mu PubMed Central, nkhokwe ya mapepala owerengedwa ulere, ndipo likatero limaonekera mu PubMed ngakhale magazini yake isanavomerezedwe ndi wina aliyense. Choti muchite ndi kutsegula NLM Catalog, mndandanda wa laibulale ya boma la Amereka ija, kulemba dzina la magaziniyo, n'kuyang'ana mzere wakuti Currently indexed for MEDLINE. Malawi Medical Journal mukaifufuza choncho muipeza, ndipo ilinso pa AJOL, nkhokwe ya magazini a mu Afirika imene inayamba mu 1998.

Mwina mukuti ndikukokomeza za akubazi. Mu 2013 mtolankhani wa zasayansi John Bohannon analemba pepala labodza la mankhwala a khansa, lokhala ndi zolakwika zoonekeratu, n'kulitumiza ku magazini 304 olipiritsa olemba. Okwana 157 analilandira. Mu 2019 khoti la ku Amereka linalamula kampani yosindikiza magazini ya OMICS kulipira madola opitirira 50 miliyoni chifukwa chonamiza olemba pa za kuunika mapepala ndi pa za ndalama. Ine ndemwe ndinathandizapo mnyamata wina, dzina lisiyeni, amene analandira imelo yomutamanda kuti ndi katswiri, natumiza pepala Lolemba, pofika Lachisanu akuti lalandiridwa popanda chokonza chilichonse, kenaka kalata yofuna ndalama. Ounika enieni sangawerenge pepala n'kulivomereza masiku anayi opanda funso ngakhale limodzi. Chopweteka kwambiri sichinali ndalamazo. Pepala lija linali litatuluka kale, ndiye magazini yeniyeni sikanalilandiranso, ndipo kusukulu kwake analikana.

Tibwere ku ndalama. Kusindikiza kuli ndi mtengo, ndipo funso ndi lakuti alipire ndani. Njira yakale, amalipira owerenga kudzera m'malaibulale, wolemba salipira. Njira yatsopano, aliyense amawerenga ulere koma wolemba ndiye amalipira, ndipo ndalama imeneyo patsamba amailemba kuti APC. Ku BMC Pregnancy and Childbirth ndi madola opitirira 2,000, kutanthauza ndalama zoposa K3 miliyoni ngakhale pa mtengo wa kubanki. Ndaona nkhope zagwa. Dikirani kaye.

Kampani ya Springer Nature, eni ake a magazini a BMC, imakhululukira ndalamayi olemba a m'maiko amene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse imawaika m'gulu la opeza zochepa kwambiri, ndipo Malawi ali m'gulu limenelo. Koma pali misampha iwiri. Woyamba, muyenera kupempha pa nthawi yotumiza pepala, pamene pakompyuta pakubwera funso la waiver. Mukadumpha pamenepo n'kudzakumbukira pepala litalandiridwa, mwachedwa. Wachiwiri, amayang'ana kumene kuli mlembi amene akulemberana makalata ndi mkonzi. Mzamba wathu akanena kuti, poti aphunzitsi anga a ku Ulaya Chingerezi amachitha, akhale iwowo olemberana ndi mkonzi, ndiye kuti chikhululuko chija wachitaya yekha. Makampani ena amafuna kuti olemba onse akhale a m'maiko oterewa, ena amafunsanso kumene kunachokera ndalama za kafukufuku. Choncho muwerenge lamulo la kampani imeneyoyo tsiku limene mukutumiza, poti mitengo ndi malamulo zimasintha chaka ndi chaka.

Midwifery ija ili ndi njira zonse ziwiri. Mukafuna kuti pepala liwerengedwe ndi aliyense mumalipira, mukapanda kufuna simulipira kanthu koma limatsekeredwa kwa olembetsa okha. Kusalipirako kumakoma, koma bwererani ku funso loyamba lija. Mzamba wa kuchipatala cha kumudzi adzalitsegula bwanji? Amene ali kusukulu kapena kuchipatala cholembetsa ku Hinari, ndondomeko imene bungwe la WHO linayambitsa mu 2002, akhoza kulipeza. Amene ali ndi foni yake yokha adzangoona chidule. Ndipo musaganize kuti magazini onse owerengedwa ulere amalipiritsa. Pa DOAJ pali pochonga polembedwa Without fees, ndipo magazini otsala pamenepo ndi ochuluka zedi.

Ndiye mzamba wathu atani? Ine ndikanakhala iye ndikanayamba ndi BMC Pregnancy and Childbirth, chifukwa imalandira kafukufuku wocheza ndi anthu, ili mu MEDLINE, aliyense adzawerenga, ndipo ndalama ndikhoza kukhululukiridwa ndikakhala ine wolemberana ndi mkonzi. Akandibweza, tsiku lomwelo ndikonze zimene anena, ndisinthe kalembedwe kuti kagwirizane ndi malamulo a Malawi Medical Journal, nditumize. Wina akhoza kuyamba ndi ya kwathu konkuno, makamaka ngati zopeza zake zikukhudza ndondomeko za unduna wathu wokha, ndipo sindingamutsutse. Chofunika n'chakuti mayina atatuwo alembedwe motsatana pepala lisanachoke, kuti kalata yokana ikabwera musakhale mwezi wathunthu mukudandaula.

Abambo apa akufunsa za nambala ija yotchedwa Impact Factor. Mwachidule, imasonyeza kuti mapepala a magaziniyo a zaka ziwiri zapitazo atchulidwa kangati ndi olemba ena, ndipo yeniyeni amatulutsa ndi a Clarivate okha. Mukaona magazini ikudzitama ndi nambala yochokera ku bungwe lina la dzina lofananako, chenjerani nayo. Komanso musayerekeze nambala ya magazini ya uzamba ndi ya magazini ya khansa, poti ofufuza za khansa ndi ochuluka ndipo amatchulana kwambiri.

A wapampando akundilozera wotchi. Tikamwa tiyi, amene mwabwera ndi malaputopu mukhale awiriawiri, aliyense atulutse mndandanda wa kumapeto kwa pepala lake, tiyambe kufufuza ISSN ya magazini imene ikubwera kawirikawiri.