70, 80, 90 m'Chifalansa: s wa quatre-vingts amabwera liti, amachoka liti?

Moni nonse, takulandiraninso! Lero tili pa manambala atatu amene amazunguza mutu aliyense wophunzira Chifalansa. Khalani mpaka kumapeto, pali bodza lina limene ndikufuna ndilithetseretu lero.

Choyamba, mwachangu. 70 ndi soixante-dix, kutanthauza 60 ndi 10. 80 ndi quatre-vingts, ma 20 anayi. 90 ndi quatre-vingt-dix. Musawaseke Afalansa, ifenso paja timati "makumi asanu ndi awiri". Ku Beljiyamu ndi ku DR Kongo amangoti septante pa 70 ndi nonante pa 90, nkhani yatha.

Chachiwiri, timizere tolumikiza mawu. Kalembedwe kakale kamati soixante et onze, popanda kamzere pambali pa et. Malamulo a 1990 amalola timizere ponseponse: soixante-et-onze. Zonse n'zololedwa, koma sankhani kumodzi, musasakanize. Ndipo 81 ndi quatre-vingt-un, 91 ndi quatre-vingt-onze, mulibe et.

Musanaiwale, dinani kabatani ka pansipa kuti vidiyo yotsatira isakuphonyeni.

Chachitatu, bodza lija. Anthu amauzana kuti, "Pakangobwera mawu ena kutsogolo, s amachoka." Ayi ndithu! Zimenezi zimandinyansa, chifukwa ndimaziona m'makope sabata ndi sabata. Chimene chimachotsa s ndi nambala ina, osati mawu wamba. Onani pa sikirini:

quatre-vingts ans, zaka 80, s alipo.
quatre-vingt-deux ans, zaka 82, s wachoka chifukwa deux ndi nambala.

Khutu lingakuthandizeni. Mfalansa akamanena quatre-vingts ans, mumamva z pakati pa mawu awiriwo. Ameneyo ndi s uja akulira.

Tsono msampha weniweni ndi uwu. 80 000 timalemba quatre-vingt mille, wopanda s. Koma 80 000 000 ndi quatre-vingts millions, s wabwerera! Bwanji? Mille ali m'gulu limodzi ndi deux ndi trois. Million ndi dzina, ngati ans kapena euros, n'chifukwa chake nayenso amalandira s wake zinthu zikachuluka. Milliard chimodzimodzi. Mwamva kumbuyoko? Ibwezeni pang'ono vidiyoyi ngati zakudutsani, palibe akuonani.

Chachinayi, ndipo ichi ambiri sachidziwa: nthawi zina s amasowa ngakhale kutsogolo kulibe kanthu. Page quatre-vingt. Apa simukuwerenga masamba 80, mukuloza tsamba limodzi lokha, la nambala 80. Koma buku la masamba 80 ndi quatre-vingts pages. Les années quatre-vingt, zaka za m'ma 80, nazonso zilibe s.

Kantchito kanu n'aka: lembani 80 080 m'mawu. Muli quatre-vingt kawiri m'menemo, wina ali ndi s, wina alibe. Yankho ndilipereka Lachisanu, pamene tidzakambe za cent, amenenso ali ndi khalidwe lomweli.